Moni Adikire: Za Chiganizo Choyamba cha Kanema Waufupi

Aliyense wopanga makanema aafupi a pa TikTok, pa Facebook kapena pa YouTube anamvapo kuti masekondi atatu oyamba ndi amene amagamula ngati woonera akhale kapena apite. Zimenezo sindikutsutsa. Chimene chimandisowetsa mtendere n'chakuti malangizo ambiri a kalembedwe ka mawu oyambawo anakonzedwera anthu olankhula Chingerezi, ndipo ife timangowatola osafunsa ngati akukwana pakamwa pathu. Amati chiganizo choyamba chikhale cha mawu pafupifupi khumi. M'Chingerezi mawu khumi akhoza kukwanadi m'masekondi atatu, chifukwa ambiri ndi aafupi. M'Chichewa mawu khumi akhoza kukutengerani masekondi asanu ndi limodzi, woonera atapita kalekale.

Maganizo anga ndi akuti wolemba mbedza ya kanema m'Chichewa asamawerenge mawu, aziwerenga maphatikizo. Ndikati mbedza ndikutanthauza chiganizo choyamba chimene mumalankhula, chija chofunika kukola munthu chala chake chisanakankhire kanema wanu m'mwamba. Mukayamba kuwerenga maphatikizo, zina zonse zimaonekera zokha: chimene chikudya nthawi, chimene chiyenera kubwera poyamba, ndi chimene chiyenera kudikira, kuphatikizapo moni amene tinaleredwa naye.

Masekondi atatu ndi maphatikizo angati?

Nambala ya masekondi atatuyi sinagwe kumwamba. Kwa zaka zambiri Facebook inkawerenga kuti kanema waonedwa munthu akakhala naye masekondi atatu, ndipo eni masamba ankaona muyeso wotchedwa `3-second video views`. Amalonda anazolowera nambala imeneyi, ifenso tinaitengera kwa iwo. Si lamulo la ubongo wa munthu ayi. Ena amachoka sekondi yoyamba isanathe, ena amapirira mpaka yachisanu. Koma ngati muyeso wogwirira ntchito, masekondi atatu ndi abwino chifukwa ndi pafupifupi utali wa mpweya umodzi wolankhulira: chiganizo chimodzi chachifupi, chonenedwa osapumira.

Ine ndikatenga wotchi ya pafoni n'kulankhula momveka bwino, osathamanga ngati wolengeza mpira komanso osakoka mawu ngati wolalikira pamaliro, m'masekondi atatu ndimakwanitsa maphatikizo pakati pa 15 ndi 17. Anzanga amene ndinawapempha kuti ayese anapeza zosatalikirana ndi zimenezi. Inunso dziyeseni, chifukwa pakamwa pamasiyana, koma pa nkhani ino tigwiritsa ntchito 16. Amenewo ndiwo ndalama zonse zimene muli nazo pamsika umenewu.

Kuwerenga maphatikizo m'Chichewa n'kosavuta, chifukwa pafupifupi phatikizo lililonse limathera pa lembo la liwu. Mawu oti "bwanji" ali ndi awiri, "ndalama" atatu. Chosamala ndi m uja woima payekha, monga m'mawu oti "m'ndende" kapena "mlandu". Iyeyu amatenga nthawi yake, choncho "m'ndende" ndi atatu.

Pali zinthu ziwiri za chilankhulo chathu zimene zimachititsa kuti bajeti imeneyi ithe msanga. Choyamba ndi mneni. Mneni wa Chichewa amasenza katundu wambiri kutsogolo: wochita, nthawi, wochitiridwa, kenako tsinde lenileni. Mawu oti "ndikukuuzani" ali ndi maphatikizo 6, ndipo tsinde lake likuyamba pa lachinayi. Mukati "ndikufuna ndikuuzeni" mwalipira 9, koma simunanene kanthu kalikonse. Chachiwiri ndi kakokedwe ka mawu. Tikafika kumapeto kwa chigawo cha chiganizo, timatalikitsa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Nenani "muli bwanji" mumve mmene "bwa" akutalikira. Ndiye kuti mpatuliro uliwonse umene mwaika m'chiganizo umalipiritsa kawiri: kukoka kuja, ndi kapumidwe kotsatira. Mbedza yokhala ndi zigawo zitatu imatenga nthawi yaitali kuposa ya chigawo chimodzi ngakhale maphatikizo ali ofanana.

Kanema mmodzi, mbedza zinayi

Tiyeni titenge nkhani yeniyeni. Tinene kuti mukufuna kupanga kanema wa masekondi 45 wonena za mayi Rose Chibambo, amene nkhope yawo ili pa ndalama ya K200 kuyambira mu 2012. Anabadwa mu 1928 ku Mzimba. M'zaka za m'ma 1950 anasonkhanitsa amayi kuti alowe m'gulu lokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Boma la atsamunda litalengeza za chitetezo chokhwima pa 3 Malichi 1959, iwo anamangidwa m'mwezi womwewo, patangopita masiku ochepa atabereka, n'kuwatengera kundende ya Zomba pamodzi ndi khandalo. Pambuyo pake anakhala phungu komanso wachiwiri kwa nduna, koma mkangano wa nduna wa mu 1964 unawachotsa pampando, ndipo anathawira ku Zambia. Anabwerera kwawo mu 1994, n'kumwalira mu 2016. Nkhani ndi imeneyo. Funso n'lakuti tiyambira pati.

Mbedza yoyamba ndi imene imabwera yokha pakamwa pa munthu woleredwa bwino: "Moni nonse, muli bwanji? Takulandirani ku tsamba langa. Lero tikambirana za mbiri ya mayi Rose Chibambo." Werengani. Moni ndi kufunsa moyo atenga 8. "Takulandirani ku tsamba langa" watenga 11, kufika pa 19. Dzina la mayiwo likuyamba pa phatikizo la 33, ndipo chiganizo chonse chikuthera pa 37. Masekondi atatu akamakwana, wolankhula ali pakati pa mawu oti "tsamba". Woonera wamva zimene wamva kale m'makanema ena ambirimbiri tsiku lomwelo, ndipo alibe chifukwa chilichonse choganizira kuti uyu ndi wosiyana.

Yachiwiri ndi funso: "Kodi mukudziwa kuti Rose Chibambo anali ndani?" Apa tayandikira, maphatikizo ndi 18. Koma 8 oyamba apita pa "kodi mukudziwa kuti", amene ndi chitseko chabe, osati nyumba. Vuto lalikulu lili pa mtundu wa funsolo. Liri ndi mayankho awiri, ndipo onse akutulutsa munthu panja. Woyankha kuti eya alibe chodikirira. Woyankha kuti ayi sanapatsidwe chifukwa chofunira kudziwa, popeza dzina limene sulidziwa silikuyabwa.

Apa pali mfundo imene katswiri wina wa ku America, George Loewenstein, anaifotokoza mu 1994. Iye anati chidwi chimabadwa munthu akaona mpata pakati pa chimene akudziwa ndi chimene akufuna kudziwa, ndipo chimakula munthu akamadziwa kale pang'ono. Wosadziwa kalikonse saona mpata, wodziwa zonse alibe mpata. Tonse timazidziwa izi m'moyo. Mnzako akakuuza kuti "kunachitika zinthu kumudzi kwina" sutembenuka. Akati "mlongo wako uja ndinamuona kudepoti ali ndi chikwama" umasiya chimene ukuchita. Ndiye ntchito ya mbedza ndi iwiri m'chiganizo chimodzi: kugwira chinthu chimene woonera akuchidziwa kale, ndi kuonetsa kuti pali chidutswa chimodzi chimene chikusowa.

Yachitatu ndi imene yadzaza m'mafoni mwathu masiku ano: "Simukhulupirira zomwe anawachita mayi awa!" Nayonso ndi 18. Ikuoneka yamphamvu, koma ili ndi kayesedwe kamene imalephera. Chotsani kanema wa mayi Chibambo, muikepo wa mayi wina aliyense, wogulitsa mandasi kapena woimba kwaya. Chiganizocho chikukwanabe. Mbedza imene ingakwane pa kanema aliyense sinanene chilichonse cha kanema wanu. Ikulonjeza kudabwa koma sikuonetsa chikole, ndipo oonera amene anapusitsidwapo ndi malonjezo oterewa anaphunzira kuwazindikira pa mawu oyamba. "Simukhulupirira" yekhayo ndi maphatikizo 7, pafupifupi theka la ndalama zanu, mwagulira phokoso.

Yachinayi ikuyamba ndi chinthu chogwirika: "Mayi ali pa K200 yanuyo analowa m'ndende ndi khanda." Iyi ili ndi zonse zofunika. Chodziwika chilipo, ndalama imene woonera mwina ali nayo m'thumba. Chosowa chiliponso: khanda likufuna chiyani m'ndende, ndipo munthu wamndende anafika bwanji pa ndalama? Koma mukaiwerenga monga timanenera, "thu handiredi", ikufika pa 23. Masekondi atatu akukwana tili pa "analowa", ndende ndi khanda zisanamveke. Mbedza ndi yabwino, koma nsonga yake ili kunja kwa nthawi.

Kudula kwake sikufuna kuthamangitsa pakamwa. Kumafuna kufunsa kuti ndi mawu ati amene diso lingawanyamule m'malo mwa khutu. Ndalama ya K200 ndi chinthu chooneka. Igwireni m'manja, muiyandikize ku kamera kuti nkhope ya mayiwo idzaze sikirini kuyambira pachiyambi penipeni, ndipo "ali pa K200 yanuyo" safunikanso kunenedwa. Chotsala ndi ichi: "Mayi awa analowa m'ndende ndi khanda." Maphatikizo 14, chigawo chimodzi, opanda mpatuliro. Mwatsala ndi awiri opumira.

Onani kanthu kena kakang'ono. "Mayi uyu" ndi "mayi awa" ali ndi maphatikizo ofanana. Ulemu wa m'Chichewa umakhala m'kati mwa mawu enieniwo, ndipo sulipiritsa nthawi. Amene amati kufupikitsa kumakakamiza munthu kuchita mwano sanawerenge bwino.

Mawu amphamvu akhale pati?

Chiganizo chachifupi chili ndi malo awiri amphamvu: mawu oyamba ndi mawu omaliza. Oyamba ndi amphamvu chifukwa ndi okhawo amene aliyense adzawamva. Omaliza ndi amphamvu chifukwa cha kukoka kuja, liwu limatsamira pamenepo lokha. M'chiganizo chathu, mawu olemera kwambiri ndi "khanda", ndipo ali kumapeto. Kodi si bwino kuwabweretsa kutsogolo?

Chichewa chimalola zimenezi mosavuta. Tikhoza kunena kuti "Khanda analowa nalo m'ndende, mayi awa", ndipo palibe angati talakwitsa. Ndi maphatikizo 15, ndipo mawu odabwitsa amveka m'kati mwa theka la sekondi. Kusankha pakati pa ziwirizi kukudalira chimene chili pa sikirini. Ngati chithunzi choyamba ndi ndalama ija, diso lili ndi chogwira m'sekondi yoyamba, choncho khutu likhoza kudikira, ndipo "khanda" akagwa kumapeto amagwa ndi mphamvu. Koma ngati chithunzi choyamba ndi nkhope yanu chabe, muli m'chipinda chogona ku hositelo, palibe chogwira diso, ndiye mawu oyamba enieniwo asenze katundu. Pamenepo "khanda" atsogole.

Mawu olembedwa pa sikirini nawo ali ndi ntchito yawo. Anthu ambiri amaonera foni ili chete, m'kalasi, m'minibasi kapena usiku mnzawo atagona. Kwa iwowa mbedza yolankhulidwa kulibe, pokhapokha italembedwa. Lembani chiganizocho chonse pa sikirini kuti chioneke kuyambira pachiyambi, osati chizituluka liwu limodzilimodzi, chifukwa diso limawerenga msanga kuposa pakamwa. Manambala ndiwo oyenera kupita ku sikirini kuposa china chilichonse. Kunena 1959 monga timanenera, "naintini fifite naini", kumadya maphatikizo pafupifupi 10. Kulemba kumatenga malo a zala zinayi pakona. Chaka chisalowe m'kamwa m'masekondi atatu oyamba.

Pali nthawi inanso imene imatayika osaiona. Munthu akadina batani lojambulira, amabweza dzanja, amakonza nkhope, amakoka mpweya, kenako n'kuyamba. Kachetechete ameneyu amatha kufika theka la sekondi kapena kuposa, ndipo theka la sekondi ndi maphatikizo awiri kapena atatu. Podula kanema, yang'anani mzere wa mafunde a mawu, mudule mpaka pamene funde loyamba likuyambira, kusiya kampata kochepa kwambiri kuti "ma" wa "mayi" asadulidwe mutu. Anthu ambiri amavutika kukonza chiganizo pamene vuto lili pa mpweya umene anakoka asanachinene.

Chiganizo chachiwiri ndi ngongole

Akuluakulu anati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Mbedza ndi lonjezo, ndipo woonera amayamba kulondola ngongole yake pa sekondi yachinayi. Mwadzutsa mafunso awiri, kuti mayiwa ndani ndipo analakwanji. Chiganizo chachiwiri chiyankhe msanga, koma chitsegule khomo lina: "Ndi Rose Chibambo. Anakana chitaganya." Maphatikizo 14 enanso, ndipo pa sikirini palembedwe 1959. Tsopano woonera wadziwa dzina ndi chifukwa, koma wapatsidwa funso latsopano: kukana chitaganya kunali mlandu wotani, ndipo womangidwa ndi atsamunda anadzathawiranji dziko litalandira ufulu? Funso limenelo ndi limene lidzanyamule masekondi 39 otsalawo.

Cholakwika chofala n'kuika moni uja pamalo amenewa onse athunthu, ngati kuti mbedza yagula chilolezo chobwerera kumayambiriro. Munthu amanena chiganizo chakuthwa, kenako n'kuti "koma tisanapite patali, moni nonse, musaiwale kutsatira tsamba lino." Woonera amamva kuti wakokedwa ndi nyambo kuti amvetsere malonda, ndipo amachoka ali wokwiya kuposa amene sanakoledwe n'komwe.

Mungadziwe bwanji kuti yagwira?

Kuchuluka kwa oonera sikukuuzani za mbedza, chifukwa kumadalira zinthu zambiri, monga nthawi imene mwaika kanemayo ndi anthu amene makina awaonetsa. Choyenera kuyang'ana ndi galafu yoonetsa kuti anthu anatsala angati pa sekondi iliyonse. TikTok imaionetsa pa ziwerengero za kanema aliyense. YouTube, pa makanema aafupi, imaonetsanso gawo la anthu amene anakankha osaonera, pansi pa mawu oti `Swiped away`. Mayina a mabataniwa amasinthasintha, koma maonekedwe a mzerewo ndi amene ali ndi uthenga.

Mzere uliwonse umatsika pachiyambi, ngakhale wa katswiri, chifukwa ena sakanaonera zivute zitani. Choncho musadandaule kuti watsika, yang'anani pamene watsikira. Ukagwa ngati phompho m'masekondi awiri oyamba, vuto ndi chithunzi choyamba, kachetechete uja, kapena mawu oyambirira. Ukaima bwino mpaka sekondi yachitatu n'kugwa pakati pa yachinayi ndi yachisanu ndi chimodzi, mbedza yagwira koma chiganizo chachiwiri sichinabweze ngongole. Ukamatsika pang'onopang'ono mpaka kumapeto, mbedza ilibe mlandu, ndi thunthu la nkhani limene lili ndi malo ozizira. Kusiyanitsa zitatuzi kumakupulumutsani kuti musamachize mutu pamene chikupweteka ndi mwendo.

Pali malire ake. Ngati kanema waonedwa ndi anthu makumi ochepa chabe, theka la iwo ndi anzanu ndi abale, amene angaonere ngakhale mutayamba ndi kutsokomola. Galafu yotero sikuphunzitsani kanthu za alendo. Komanso musayerekeze mzere wanu ndi wa munthu wosewera nthabwala kapena wovina. Yerekezani makanema anu okhaokha, a utali wofanana ndi nkhani zofanana. Mukafuna kuyesa mbedza ziwiri, sinthani chiganizo choyamba chokha, zina zonse zikhale chimodzimodzi, apo ayi simudzadziwa chimene chasintha zotsatira.

Kuyesa kotsika mtengo kuposa konse sikufuna bandulo. Muuzeni mnzanu amene sakudziwa nkhaniyo chiganizo choyambacho, mukhale chete, mumve chimene anene. Akafunsa funso lenileni limene kanema wanu akuyankha, monga "analakwanji?", mbedza ili bwino. Akati "eti?" n'kubwerera ku foni yake, mpata sunatseguke. Akafunsa funso lina losiyana, monga "khandalo linafera momwemo?", mwatsegula mpata wolakwika, ndipo muyenera kuona ngati kanemayo akuyankha zimenezo kapena musinthe mawu.

Nanga moni?

Ndikudziwa kuti ena mwa inu nkhaniyi ikukuwawani pamenepa. Kwathu kuno munthu sayamba nkhani asanapereke moni. Wofunsa njira osalonjera amayankhidwa kuti "mwadzuka bwanji kaye". Ndiye pali mantha oti tikamadula moni tikugulitsa khalidwe lathu kwa makina a anthu ena. Mantha amenewa sindikuwapeputsa, koma ndikuona kuti akusokoneza malo awiri osiyana.

Moni ndi wa anthu amene aima. Mukakumana panjira, nonse mwaima, mwayang'anana, ndipo moni akutsimikiza kuti mwaonana ngati anthu. Nthanonso imayamba ndi "padangokhala" omvera n'kuyankha "tili tonse" chifukwa iwo akhala kale pansi. Wokamba safunika kuwakola, akungofuna kudziwa kuti ali maso. Koma chikhalidwe chathu chomwechi chimadziwanso kulankhula ndi munthu amene akuyenda. Kondakitala wa minibasi mu Blantyre safunsa kuti mwadzuka bwanji, amafuula "Limbe! Limbe!", maphatikizo awiri, chinthu chokhacho chimene woyenda akufuna kumva. Mukakwera n'kukhala pansi, pamenepo mukhoza kulonjerana ndi woyandikana naye. Wogulitsa pamsika amatchula katundu ndi mtengo, moni amabwera mukaima pa benchi lake. Woponya mwambi wa ndagi amangoti "ndagi", anzake "gize", n'kuponya chinthu chosamveka chimene chimayabwa mpaka chitamasulidwa. Palibe amene amati anthu amenewa ndi amwano. Woonera pa foni ali ngati woyenda pamsewu, osati mlendo wokhala pamkeka.

Choncho moni asathe, angosuntha. M'kanema wathu akhoza kubwera pa sekondi yachisanu ndi chiwiri, waufupi, munthu ataima kale: "Moni, tiyeni ndikufotokozereni." Ndipo pali malo amene moni ayenera kutsogola ndithu. Mukamaulutsa pompopompo, anthu abwera dala ndipo akulowa mmodzimmodzi, alonjereni. Mukamatumiza kanema ku gulu la pa WhatsApp la mpingo kapena la kumudzi, omvera akukudziwani ndipo adina okha kuti aonere. Kuyamba ndi mbedza yakuthwa pamenepo kungamveke ngati mwachita misala. Munthu wotchuka amene nkhope yake ndi mbedza kale akhozanso kuyamba ndi moni osataya anthu. Ife amene sitikudziwika, tikulankhula ndi alendo odutsa, tilibe mwayi umenewo.

Pamene ndimaikira malire

Choopsa chenicheni cha luso limeneli si kutaya moni. Ndi chakuti mukazolowera kusaka chiganizo chakuthwa, bodza limayamba kuoneka lotchipa. Taonani ichi: "Mayi awa anaberekera m'ndende." Maphatikizo 13, kuchepera ndi limodzi pa chathu chija, ndipo chikubaya kwambiri. Koma si zoona. Mwanayo anabadwa mayi ake asanamangidwe. Kusiyana kwa "analowa ndi khanda" ndi "anaberekera" n'kochepa pakamwa, ndipo galafu ikhoza kukuyamikirani chifukwa cha bodzalo. Choipa n'chakuti oonera ambiri amachoka kanema asanathe, ndiye chiganizo choyamba ndi chimene chimafika kwa anthu ochuluka kuposa china chilichonse chimene munganene. Mukanama pamenepo n'kukonza pa sekondi ya 30, bodza lamvedwa ndi onse, kukonza kwamvedwa ndi ochepa. Ndiye chiganizo choyamba chiyenera kukhala choona chokha pachokha, ngakhale munthu atamva icho chokha n'kupita kukauza anzake.

Palinso china chovutirapo, chimene ndimachiganizira monga wophunzira mbiri ndi zolembalemba. Ngakhale mbedza yoona imasankha. Mayi Chibambo anali wandale wokonza magulu, wolankhula pamisonkhano, phungu, munthu amene anatsutsa atsamunda kenako n'kulipira zaka pafupifupi 30 kunja chifukwa cha ndale za dziko lomwe analimenyera. Ife tawalowetsa m'foni mwa anthu ngati mayi wa khanda m'ndende, chifukwa chifundo chimakola msanga kuposa ndale. Zimenezi ndikuzivomereza pa chifukwa chimodzi chokha: ngati masekondi otsalawo awabwezera msinkhu wawo wonse. N'chifukwa chake chiganizo chachiwiri chili ndi mneni woti "anakana". M'choyamba zinthu zikuwachitikira. M'chachiwiri iwo ndi amene akuchita. Kanema amene angathere pa khanda lokha, ndi nyimbo yachisoni pansi pake, wagwiritsa ntchito mayiwa ngati nyambo, ndipo woonera achoka akudziwa zochepa kuposa zimene ndalama ya m'thumba mwake ikumuuza.

Choncho musanajambule, lembani chiganizo choyamba papepala, muike kadontho pamwamba pa phatikizo lililonse, mujambule mzere pambuyo pa la 16. Kumanzere kwa mzerewo kukhale chinthu chimodzi chimene woonera akuchidziwa, m'mawu kapena m'chithunzi, ndi chinthu chimodzi chimene chikusowa. Chilichonse chimene diso lingathe kunyamula, chichotseni m'kamwa. Kenako funsani ngati chiganizocho chingakhale choona chitamvedwa chokha, ndi ngati munthu amene mukumunenayo, kapena ana ake, angachimve osaona kuti mwamuchepetsa. Chikalephera funso lomalizali, chisiyeni ngakhale chikukwana bwino m'masekondi atatu, mulembe china.